Walemba "kuda" m'malo mwa "kuba": ndimupatse malikisi?

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa Chichewa Sitandade 5 kuno ku Linthipe. Ndili ndi mtsikana wa zaka 12 amene aphunzitsi a maphunziro apadera anamuyeza n'kuti ali ndi disilekisiya, vuto la kuwerenga ndi kulemba bwino zilembo. Wathyoka mwendo, ndiye mayeso walembera kunyumba, mayi ake n'kunditumizira zithunzi pa WhatsApp. Zilembo b ndi d wasinthanitsa: "mabzi", "bothi", "mdatata". Izi ndikuzimva. Pandivuta ndi funso lakuti mnyamata wa m'nkhani anamuthamangitsiranji pamsika. Yankho ndi "chifukwa cha kuba", iye walemba "chifukwa cha kuda". Funsoli ndi la malikisi 2. Ndichonge bwanji?

Bambo wa ku Tsangano: Madamu, imeneyo ndi foni. Kamera yakutsogolo imatembenuza zinthu ngati kalilole. Ajambulenso basi.

Mphunzitsi wa maphunziro apadera, Ntcheu: Bambo, zimachitikadi, koma kamera sisankha zilembo. Ikatembenuza, tsamba lonse limawerengeka kuchokera kumanja, s ndi e nazonso zimatembenuka, mzere wofiira wa m'mbali mwa kope umapita kumanja. Ngati "chifukwa cha" akuwerengeka bwino, ndi dzanja la mwana.

Madamu, chongani kawiri. Ulendo woyamba muyang'ane mfundo zokha. "Mabzi" si mawu ena alionse m'Chichewa, ndiye ndi madzi, mupatseni zonse. Ulendo wachiwiri ndi wa kalembedwe, ndipo malikisi ake akhale padera, mwachitsanzo 2 pa 20. Kusinthanitsa b ndi d muwerenge ngati cholakwa chimodzi ngakhale chitapezeka kakhumi, apo ayi mwana womvetsa nkhani yonse ataya malikisi pa cholakwa chimodzi chomwecho.

"Kuda" ndi nkhani ina, chifukwa ndi mawu enieni. Musaganizire. Onani ngati m'nkhanimo muli zodana kapena za mdima. Ngati mulibe, ndipo b wake akumutembenuza pena ponse, umboni uli kumbali yake. Mukakayikabe, muimbireni awerenge yekha yankho lake, inu osatchula mawuwo.

Wofunsa: Mzere wofiira uli kumanzere. Zodana mulibe, anaba mbatatesi basi. Koma pa lembetso nditani?

Mphunzitsi wa ku Ntcheu uja: Pa lembetso chimene mukuyesa ndi kalembedwe komweko, ndiye "bothi" walakwa. Pamenepo musamukomere.

Mayi wina: Wanga wa Sitandade 1 amalemba 3 chammbuyo. Nayenso ndi matenda omwewa?

Mphunzitsi wa ku Ntcheu uja: Ayi mayi, ana ambiri amatero mpaka zaka 7 kapena 8. Kutembenuza pakokha si disilekisiya, ndipo si matenda.

Ahedi opuma: Ine kuimba foniko ndikukana. Wochonga wa MANEB adzamuimbira? Komanso mayi ake ali pambali, mudziwa bwanji kuti sakumunong'oneza?

Wofunsa: Apo mwanena zoona ahedi. Loweruka ndipita ndekha kwawo, si kutali. Malikisi 2 aja ndawalemba ndi pensulo kaye.