Funso: ndiyambe bwanji kalata yopita kwa a DC?

Abale, ndithandizeni. Ndikulemba kalata yopita ku ofesi ya Bwanamkubwa wa boma lathu, yopempha kuti atumize amisiri adzaone mjigo wa pasukulu yathu womwe unaonongeka. Keyala ndi tsiku ndalemba kale. Chandivuta ndi malonje.

Kodi ndilembe "Okondedwa Bwana" kapena "Olemekezeka Bwanamkubwa"? Mawu akuti okondedwawo ndikuwaona ngati a kalata yapachibale. Komanso sindikudziwa ngati oiwerenga adzakhale bambo kapena mayi. "Bwana" yekha akukwanira?

Pansi pa mutu ndayamba motere: "Ndalemba kalatayi m'malo mwa komiti ya sukulu kupempha thandizo lokonza mjigo." Mtima wanga ukuti kusayamba ndi moni ndi mwano, koma ena akuti ku boma safunsana za moyo. Inu amene munagwirapo ntchito m'maofesi amenewa, zoona ndi ziti?