Wobadwa pa 5 Epulo ndi Aries kapena Pisces?

Abale anga a kuno ku Joni, ndithandizeni. Mchemwali wanga anabadwira ku Zomba pa 5 Epulo 1995. Nyuzipepala za kuno zimati chizindikiro chake cha dzuwa ndi Aries, koma mayi wina wa ku Fordsburg, wowerenga nyenyezi mwa njira ya ku India, wamuuza kuti ndi Pisces.

Zomwe ndamva n'zakuti azungu amayambira Aries pa tsiku limene usana ndi usiku zimafanana, cha pa 20 kapena 21 Malichi, osayang'ana nyenyezi zenizenizo. Amwenye amatsata pomwe nyenyezizo zili. Poti dziko limapendama pang'onopang'ono ngati nguli, malo oyambirawo amasuntha digiri imodzi pa zaka pafupifupi 72, ndipo lero kusiyana kwafika madigiri pafupifupi 24. Ndiye dzuwa la mchemwali, lomwe lili pa digiri 15 ya Aries, mukachotsa 24 likubwerera pa 21 ya Pisces, poti chizindikiro chilichonse chili ndi madigiri 30 ndipo Pisces ndi imene ili kumbuyo kwa Aries. Kodi ndawerengera bwino?

Chikundivuta kwambiri ndi mwana wanga wobadwa pa 14 Epulo, tsiku lomwe nthawi zambiri dzuwa limalowa Aries kwa Amwenye. Pamenepa pafunika ola lobadwira? Nanga poti madigiri ochotsawa amasiyana pang'ono, ena amatsata mawerengedwe otchedwa Lahiri, ena otchedwa Fagan-Bradley, inu mumatsata ati?