Gulu la banja: sensa ya Amayi ndi vitamini C wa chimfine

Mlamu (Zomba): Mwaswera bwanji nonse. Amayi ali bwino tsopano, koma m'mawa uno anatiopsa. Cha m'ma 10 koloko anayamba kunjenjemera manja, thukuta lili kamukamu chonsecho kukuzizira. Pa foni sensa yoyeza shuga ya pa mkono ija imati 4.6 ndipo sinalire. Nditawabaya chala, kamakina koyezera shuga m'magazi kaja kanati 63. Ndinawasungunulira masupuni anayi aang'ono a shuga m'madzi, patapita mphindi 15 kanati 88, kenako anadya mbatata.

Achimwene aakulu (Lilongwe): Zikomo alamu. Koma 4.6 ndi 63 zikusiyana chonchi bwanji? China chake chafa pamenepa.

Achemwali (Leeds): Mwachita bwino kwambiri alamu, makamaka pobaya chala osangokhulupirira foni. Achimwene, manambalawo ndi miyeso iwiri yosiyana. Sensa imene ndinatumiza imawerenga mmol/L, kamakina ka chala kamawerenga mg/dL. Mukagawa 63 ndi 18 mupeza 3.5. Ndiye sensa imati 4.6 pamene m'magazi munali 3.5. Ndinaitchera kuti izilira shuga ikatsika kupyola 3.9, yomwe ndi 70 pa kamakina ka chala. Iyo imaona ngati sanafikepo, n'chifukwa chake inangokhala chete.

Achimwene aakulu (Lilongwe): Ndiye kuti ndi yowonongeka. Tiichotse.

Achemwali (Leeds): Musafulumire. Alamu, Amayi akumwa chiyani chatsopano sabata ino? Chilichonse, ngakhale chosachokera kuchipatala.

Mlamu (Zomba): Chimfine chinawagwira Lolemba. Akumwa panado, komanso mapiritsi aja osungunula m'madzi okoma ngati lalanje. Limodzi m'mawa, limodzi madzulo.

Achemwali (Leeds): Tandiwerengereni zimene zalembedwa pa kabotolo kake.

Mlamu (Zomba): Palembedwa Vitamin C 1000 mg.

Achemwali (Leeds): Ndi zimene ndimakayikira. Akumwa mamiligalamu 2000 pa tsiku. Amayi avala sensa ya FreeStyle Libre 2, ndipo opanga ake anachita kulemba m'kabuku kake kuti munthu akamamwa vitamini C wopitirira mamiligalamu 500 pa tsiku, sensa ikhoza kuonetsa shuga yokwera kuposa mmene ilili. Amayi apitirira kanayi.

Chitsiriza (Blantyre): Achemwali, vitamini akukhudzana bwanji ndi shuga? Kapena mapiritsiwo ali ndi shuga?

Achemwali (Leeds): Ayi, shuga ya m'thupi siikwera, chimene chimanamizidwa ndi sensayo. Pansi pa kachinthu koyera kali pa mkono paja pali kaulusi kolowa pansi pa khungu. Shuga ikakhudza kaulusiko pamatuluka timagetsi tochepa kwambiri, ndipo sensa imatembenuza timagetsito kukhala nambala. Vitamini C akachuluka m'thupi nayenso amatulutsa timagetsi pa kaulusi komweko. Sensa siitha kusiyanitsa, imangowerenga zonse ngati shuga. Zili ngati sikelo ya pa msika imene yakwerapo mwala musanaike nyemba.

Nthawi zambiri kusiyanako sikukhala kwakukulu. Shuga ikakhala 9 sensa n'kunena 10, palibe amene angakomoke. Koma kwa munthu wobaya insulini ngati Amayi, nambala imodzi yomweyo ndi imene imabisa ngozi shuga ikatsika. Zikanachitika usiku onse ali mtulo, foni osalira, ndi zimene zikundidetsa nkhawa. Choopsa china n'chakuti wina akhoza kuona nambala yokwera n'kuwonjezera insulini imene siikufunika.

Sindikunena kuti vitamini yekha ndiye wachita zonse. Sensa imayeza timadzi ta pansi pa khungu, osati magazi, ndiye shuga ikamatsika mofulumira iyo imatsalira m'mbuyo ndi mphindi zingapo. Ziwirizi mwina zinakumana.

Mlamu (Zomba): Komanso kudya sakudya bwino chiyambire chimfinechi. Phala la m'mawa analisiya theka, koma insulini anabaya yonse.

Achemwali (Leeds): Ndiye chimene chinatsitsa shuga n'chimenecho. Vitamini anangophimba kuti musadziwe msanga.

Malume (Joni): Ana inu, ndakhala ndikuwerenga. Ine ndikanati ndi panadoyo. Nditayamba kuvala sensa kuno anandichenjeza za panado, za vitamini sanatchule.

Achemwali (Leeds): Sanakunamizeni malume, koma sensa iliyonse ili ndi mankhwala ake oisokoneza. Parasetamo, amene ali mu panado, amakweza nambala pa Dexcom G5 ndi pa masensa a Guardian. Inu mumavala iti pano?

Malume (Joni): Dexcom G6.

Achemwali (Leeds): Imeneyo anaikonza. Imapirira mpaka galamu imodzi pa maola 6 alionse, ndiye kuti mapiritsi awiri a 500 mg. Mukapitirira apo ikhoza kunamanso. Muzisamala ndi mankhwala a chimfine a ufa osungunula m'madzi otentha, ambiri mumakhala parasetamo kale, ndiye munthu amamwa kawiri osadziwa, ndipo zimenezo n'zoopsanso ku chiwindi. Kwa Amayi panado si vuto pa sensa yawo, apitirize monga mwa muyeso wake.

Chitsiriza (Blantyre): Nanga malalanje ndi mananchesi ndinawatumizira aja asiye?

Achemwali (Leeds): Asasiye. Lalanje limodzi silifika ngakhale mamiligalamu 100. Chenjezo lija ndi la mapiritsi. Koma zipatso zili ndi msampha wina. Munthu akasenda nanchesi kapena nthochi kenako n'kubaya chala osasamba, shuga yotsalira pa khungu imasakanikirana ndi dontho la magazi, kamakina n'kuonetsa nambala yokwera. Alamu, muziwasambitsa m'manja ndi sopo n'kuumitsa bwinobwino musanabaye, apo ayi makina onse awiri atinamiza limodzi.

Achimwene aakulu (Lilongwe): Chabwino, tamva. Tsopano tigwirizane chochita.

Achemwali (Leeds): Mapiritsi a vitamini C asiye lero, ngati si adokotala anawalembera.

Mlamu (Zomba): Si adokotala ayi, tinangogula ku famase.

Achemwali (Leeds): Ndiye asiye. Sensa isachotsedwe, sinawonongeke. Masiku awiri atatu akubwerawa muzibaya chala asanabaye insulini, asanagone, komanso nthawi iliyonse akanjenjemera, kutuluka thukuta kapena kuyankhula zosokonekera, ngakhale foni izinena kuti zili bwino. Thupi lawo likamatsutsana ndi foni, chala ndicho chiweruze. Muzilemba manambala onse awiri m'kope pamodzi ndi nthawi, tione ngati ayamba kuyandikirana. Akapanda kuyandikirana vitamini atamusiya, pamenepo ndiye tiikayikire sensayo. Ndipo akakomoka kapena kulephera kumeza, osawathira kanthu m'kamwa, thamangirani nawo kuchipatala.

Mlamu (Zomba): Timapepala toyezera tatsala 9 basi.

Chitsiriza (Blantyre): Ndigula bokosi la 50 madzulo ano, ndilipereka kwa mnzanga amene akupita ku Zomba mawa m'mawa. Alamu, nditumizireni chithunzi cha kamakinako, timapepala ta mtundu wina sitilowa.

Malume (Joni): Ndalama ya timapepalato ndi yanga, ndikutumizira lero.

Achimwene aakulu (Lilongwe): Nanga insulini tichepetse poti sakudya?

Achemwali (Leeds): Ife tokha tisasinthe muyeso. Koma zisadikire tsiku lawo la sikelo ya shuga. Munthu wa zaka zawo amene shuga yatsika chonchi akufunika kuonedwa mawa lomwe. Alamu, usiku uno muonetsetse kuti adya nsima, ndipo muwabayenso chala cha m'ma 2 koloko usiku. Pafupi ndi bedi pakhale shuga ndi kapu ya madzi.

Achimwene aakulu (Lilongwe): Ndinyamuka m'bandakucha, ndikawaperekeze ineyo kuchipatala. Alamu, muike m'jumbo mankhwala onse amene ali m'nyumbamo, a kuchipatala, ogula, ngakhale azitsamba, pamodzi ndi kabotolo ka vitamini kaja ndi kope lija.

Mlamu (Zomba): Ndamva achimwene. Ndawabayanso pompano, chala chikuti 112, foni ikuti 7.0.

Achemwali (Leeds): 112 ndi 6.2. Foni idakali pamwamba pang'ono. Lembani zonse ziwiri.