Zapezeka: chifukwa chake magulu a NTILE sakufanana kukula

"Ndagawa makasitomala 103 a shopu yanga ya ku Salima m'magulu anayi ndi NTILE(4), koma gulu lachinayi lili ndi anthu 25 pomwe enawo ali ndi 26. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, simunalakwitse. Ndayesa pa tebulo munanditumizira lija:

```sql
SELECT dzina,
  NTILE(4) OVER (ORDER BY ndalama DESC) AS gulu
FROM makasitomala;
```

NTILE imawerenga mizere, osati ndalama. Mukagawa 103 panayi, gulu lililonse limalandira 25 ndipo pamatsala 3. Otsalawo amapita ku magulu oyambirira, mmodzimmodzi, n'chifukwa chake mukuona 26, 26, 26 ndi 25. Kusiyana kwake sikuposa munthu mmodzi. Kukaposa, onani ngati JOIN kapena WHERE ina sinasinthe mizere magulu atagawidwa kale.

Chimene chandidetsa nkhawa n'china. Pa malire a gulu loyamba pali amayi awiri ogulitsa usipa ku Senga Bay, aliyense anagula katundu wa K48,000. Mmodzi wagwera mzere wa 26, mnzake wa 27, ndiye wina ali m'gulu loyamba, wina lachiwiri. NTILE siona zoti ndalama zawo n'zofanana, ndipo mawa akhoza kusinthana. Ngati basera mukupatsa gulu loyamba lokha, amenewa adzakufunsani, ndipo sadzakhala akulakwa. Kuwonjezera nambala ya kasitomala mu ORDER BY kumaletsa kusinthanako, koma kuti ofanana akhale pamodzi, ikani malire a ndalama nokha ndi CASE.