Ndimasulire bwanji mawu a agogo kwa aphunzitsi a kunazale?

Nambewe: Moni nonse pagulu pano. Ndili ku Leeds, mwana wanga wa zaka ziwiri akuyamba nazale Lolemba. Amakhala ndi agogo ake tsiku lonse, ndiye Chingerezi samva. Aphunzitsi andipatsa pepala kuti ndilembe mawu amene timamuuza kunyumba ndi matanthauzo ake. Madzi, gona, bibi, izi ndalemba kale. Koma akagwa, agogo amati "pepa bambo, tonthola, wakumenya ndani?" kenako amamenya pansi pamene wagwerapo. Akavuta amati "iwe, ndikukwapula!", chikhalirecho sanamukhudzepo. Zimenezi ndilembe bwanji?

Che Jailosi: "Pepa" ndi wosavuta, azungu ali nalo liwu lopepesera. Enawo ingomasulirani mmene alili, asankha okha.

Mayi a Tadala: Ayi achimwene, mumuika m'mavuto mnzathuyu. Ine ndimagwira ntchito kunazale ku Manchester. Mphunzitsi saloledwa kumenya mwana ngakhale kumuopseza kuti amumenya, ndipo akawerenga kuti kunyumba mumati mumukwapula, adzalemba n'kukauza woyang'anira chitetezo cha ana. Nambewe, musamasulire liwu ndi liwu, lembani ntchito ya mawuwo. Pa "iwe!" lembani kuti ndi chenjezo loti asiye zimene akuchita, ndipo limatuluka lalifupi, mokweza pang'ono. "Ndikukwapula" musalembe n'komwe, aphunzitsi sadzaligwiritsa ntchito. Apatseni "siya", "basi" ndi "bwera kuno".

"Wakumenya ndani?" si funso lofuna yankho. Mukalimasulira ngati funso adzaganiza kuti mwanayo amamenyedwa. Lembani kuti ndi kutonthoza: timaimba mlandu pansi kapena tebulo kuti mwana aseke, aiwale ululu.

NaPhiri: Ana a masiku ano kusamva ndi chifukwa chomwecho. Kashamu kamodzi sikapha mwana.

Nambewe: Amayi, sindikufunsa za kalangidwe, nkhani ndi pepalali. Mayi a Tadala zikomo. Nanga mwanayo akakanena yekha? Dzulo ndamumva akuuza chidole "kwapula".

Mayi a Tadala: Wina akamufunsa tanthauzo sangafotokoze, koma ngati amakwezanso dzanja, auzeni aphunzitsi nokha tsiku loyamba. Agogonso muwapemphe asinthe, azingoti "ndakwiya nawe". Mawu onsewo muwajambule pafoni, chifukwa "pepa" wowerenga papepala mwana sangamuzindikire. Amadziwa uja wokoka, wobwereza kawiri katatu ali pamsana.

Atate a Chisomo: Kwathu kuno ku Joni zinatisokoneza ndi "bambo" yemweyo. Mlezi ankaganiza kuti tikuitana ineyo, mwana akalira n'kumandiimbira foni.

Che Jailosi: Ndiye mulembe kuti ndi dzina lomusangalatsa basi.

Mayi a Tadala: Likuposa pamenepo, muli ulemu. Gogo akamati "bambo" kwa kamwana, nthawi zina ndi chifukwa kanatenga dzina la agogo ake aamuna. Liwu limodzi la Chingerezi lonyamula zonsezo ine sindinalipeze.

Nambewe: Ndi zoonadi, dzina ndi la malemu bambo anga. Ndilembe chiganizo chonse, kapena ndingolisiya kuti likhale la agogo okha? Malo ake papepalapo ndi kamzere kamodzi.