Mantha pa msewu wa M5, ndithandizeni

Abale anzanga, mwezi wamawa ndiyenera kuyendetsa ndekha galimoto kuchoka ku Mzuzu mpaka ku Blantyre, kukatenga mayi anga kuchipatala. Kudutsa ku Chikangawa ndikuopa nkhungu, ndiye ndasankha msewu wa kunyanja. Koma chitsikireni ku Nkhata Bay mabuleki akununkha chaka chatha, ndikangofika pamtsetse manja amatuluka thukuta, mtima kugunda ngati ng'oma.

Ndayamba kuyeserera Loweruka lililonse: koyamba ndinabwerera pa Mpamba, kachiwiri ndinafika pa boma ndili pa giya yachiwiri, osapondereza buleki. Tsono ulendo weniweniwo, ndigone ku Nkhotakota kapena ku Salima? Nanga mantha akandigwira pakati pa njira, inu mumatani?