Foda ya OneDrive ikungoonetsa mafayilo akale, a miyezi ino kulibe

Tembo wa ku Katondo: Anzanga thandizeni mutu wandiwira. Mayi wina wolemba makotesheni ku Kamwala anabweretsa laputopu kuti ndichotse hadi disiki ndiike SSD. Ndaika Windows yatsopano, talogina OneDrive, mafayilo abwera koma omaliza ndi a Malichi, zonse zimene wagwira kuchoka Epulo mpaka lero kulibe, ndipo foda ina ya ma tender a sukulu mulibe kanthu olo kamodzi. Pa foni yake chimodzimodzi. Disiki yakale sindinaifomate, ndailumikiza pa USB koma kukopa kukuima pakati ati `The cloud file provider is not running`. Akubwera 16 koloko ndipo akuti ndine ndafafaniza.

Chisomo: Ni netiweki iyo boi. Sintha simu, kenako menya iyi
```
%localappdata%\Microsoft\OneDrive\onedrive.exe /reset
```
dikira mphindi zingapo zibwera zokha.

Mai Zulu: A Tembo musanakhudze chilichonse, disiki yakaleyo ichotseni muisunge mu dirowa. Kenako tsegulani onedrive.com pa burauza ndi akaunti ya mayiyo. Mukapeza kuti nakonso zikuthera Malichi ndiye kuti mafayilowo sanakwereko n'komwe, palibe chimene laputopu ingatsitse. Muonenso malo atsala angati, yaulere ija ndi 5 GB chabe.

Tembo wa ku Katondo: Amayi mwalasa. Yadzaza, pofiira pakulembedwa kuti malo atha. Muli mavidiyo a kitchini pate pafupifupi 4 GB, anakwera mu Malichi momwemo.

Mai Zulu: Basi ndi pamenepo. Tsiku limene inadzaza inasiya kukweza, iye amangosunga mu Documents akuganiza kuti zikupita kumwamba, kamtambo ka pansi pafupi ndi wotchi kanali ndi chizindikiro chofiira koma ndani amayang'anako. Ndiye ntchito yake ili pawiri. Zakale zili pa intaneti, pa disiki yakale panangotsala mayina ake, ndi amene akukanira kukopa aja chifukwa mulibe chokopa. Zatsopano zili pa disiki yakale pokha, kwina kulikonse kulibe. Dinani kumanja pa fayilo imodzi, Properties, yang'anani `Size on disk`. Ikati 0 bytes pomwe `Size` ikuti mwina 2 MB, chimenecho ndi chikhungwa chabe, chidumpheni. Sanjani ndi deti, kopani za Epulo kubwera kuno, muyambe mwaziika pa fulashi osati mu foda ya OneDrive.

Chisomo: Koma ine ndanena kale, reset imakonza zonsezi. Sabata yatha ndinachita pa ma laputopu awiri.

Mudala Banda: Mwana wanga Chisomo, reset siwonjezera malo. Ine chimene ndikuopa ndi china. Chaka chatha mnyamata wanga ku shopu anaona foda yadzaza, anafafaniza zithunzi za kasitomala pa laputopu ati poti pa intaneti zilipo. Zinachoka konsekonse, pa foni pomwe. Mwini wake anazindikira patapita miyezi iwiri, Recycle bin ya akaunti wamba imasunga masiku 30 basi. Ndinabweza ndalama ya ntchito ndipo munthuyo sanabwerenso. A Tembo mavidiyowo musawafafanize musanawatsitse ndi kuwatsegula kuti muone akusewera, ndipo mwini wake avomere yekha.

Esnati: Ine yanga ndi Google Drive pa Tecno, zithunzi za WhatsApp sizioneka mu foda, ndi vuto lomweli?

Mudala Banda: Iyo ndi nkhani ina mwanangu, tsegula yako payokha.

Lungu: Onaninso `Metered connection` pa Wi-Fi. Anthu ambiri amaitsegula kuti mabando asathe, ndiye OneDrive imaima yokha. Batire seva nayonso imaimitsa, masiku a malaiti othima aja laputopu imakhala pa batire tsiku lonse. Mwina sikudzaza kokha.

Mai Zulu: Zoona a Lungu zimachitika, koma imeneyo imayambiranso mukailola kapena mukalumikiza chaja, siingakhale chiimire miyezi yonseyi. Apa madeti akugwirizana ndi mavidiyo.

Chisomo: Mukachotsa mavidiyo mudzafunabe reset, muona.

Tembo wa ku Katondo: Ndakopa mafayilo 212 a Epulo kubwera kuno, ndatsegula khumi onse ali bwino. Koma foda ya ma tender a sukulu ija pa disiki yakale mayina alimo, onse 0 bytes, pa intaneti foda ilipo koma mulibe kanthu, mu Recycle bin namonso mulibe. Ndiye ali kuti?

Mai Zulu: Mufunseni ngati anali ndi akaunti ina, ya kuntchito mwina, kapena ngati fodayo anachita kumugawira munthu wina. Pa disiki yakale mu `Users` muone ngati mulibe foda yachiwiri yoyamba ndi `OneDrive -` kenako dzina la kampani.

Mudala Banda: Ndipo disikiyo musaibwezere mu laputopu n'kuiyatsa ili pa intaneti, ikayamba kufananiza ingachotse ndi mayina omwewo, umboni wanu n'kutha.

Lungu: A Tembo, kakesi ka USB kolumikizira disikiko munagula zingati ku Town Centre? Kanga kanapsa.